Kamwazi Akamatha, Mkodzo wa Mwana N'kuyamba Kuchepa

Mu Januwale 1993, madokotala a pachipatala cha ana mumzinda wa Seattle, ku America, anaona kuti ana obwera ndi matenda otsegula m'mimba a magazi achuluka modabwitsa. Ambiri mwa anawo thupi silinali lotentha kwenikweni, koma m'mimba munkapota kwambiri moti ankalira atadzipinda. Kenaka ena mwa iwo, amene makolo ankati ayamba kupeza bwino, anayamba kutuwa, kutupa zikope ndi kusiya kukodza.

A zaumoyo atafufuza anapeza kuti ambiri anadya mahambaga m'malo odyera a kampani ya Jack in the Box. Nyama yogaya ya m'mahambagawo inali ndi bakiteriya wotchedwa E. coli O157:H7, ndipo sinapse mokwanira. Lamulo la chigawo cha Washington linkafuna kuti mkati mwa nyama yotere mutenthe kufika madigiri 68, koma ophika ankatsatira muyezo wakale wa madigiri 60. M'chigawocho chokha anthu 501 anadwala, 151 anagonekedwa m'chipatala, ndipo 45 anagwidwa ndi vuto limene nkhani ino ikufotokoza. Kuphatikiza ndi zigawo za Idaho, California ndi Nevada, odwala anapitirira 700. Ana anayi anamwalira.

Vutoli madokotala amalitcha himolitiki yuremiki sindiromu, ndipo pamapepala a kuchipatala amangolemba kuti HUS. Dokotala wa ana wa ku Zurich, Conrad Gasser, ndi anzake ndiwo analifotokoza koyamba mu 1955, ataona ana asanu amene magazi awo ankatha, impso n'kuima. Panapita zaka pafupifupi 30 gwero lake lisakudziwika bwino, mpaka mu 1983 pamene Mohamed Karmali ndi anzake ku Toronto anasonyeza kuti ana ambiri otere amakhala ndi E. coli wotulutsa poizoni m'matumbo mwawo. Poizoniyo amatchedwa Shiga, potengera dzina la Kiyoshi Shiga wa ku Japan, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 anapeza bakiteriya woyambitsa kamwazi, yemwenso amatulutsa poizoni wa mtundu womwewo.

Choopsa chenicheni cha HUS ndi nthawi imene imafikira. Siibwera mwana ali pachimake cha kutsegula m'mimba, pamene aliyense ali tcheru. Imabwera pambuyo, nthawi zambiri patatha pafupifupi sabata imodzi chiyambireni kutsegulako, chimbudzi chitayamba kulimba, amayi atayamba kugona tulo.

Ulendo wake umayambira kukhola. Ng'ombe zimasunga bakiteriyayu m'matumbo popanda kudwala, ndipo amatuluka ndi ndowe. Pophera ng'ombe, ndowe zochepa chabe zikakhudza nyama, bakiteriya amakhala pamwamba pake. Nthuli yowotcha bwino kunja imamupha. Koma nyama ikagayidwa, za kunja zimalowa mkati, ndipo mkatimo mukakhala mofiirabe, bakiteriya amapulumuka. Mkaka wosawiritsa, madzi a pamtsinje womwera ziweto, ndi masamba othiridwa manyowa aawisi zimamufalitsanso. Safuna kuchuluka kuti adwalitse munthu: mabakiteriya osakwana 100 ndi okwanira, n'chifukwa chake mwana amatha kupatsira mng'ono wake kudzera m'manja osasamba, ngakhale mng'onoyo sanadye nawo chakudya choipacho.

Pakapita masiku atatu kapena anayi, mwana amayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu, m'chimbudzi mumaoneka magazi. Apa poizoni wa Shiga amakhala atayamba kale kudutsa khoma la matumbo n'kulowa m'magazi. Poizoniyu samamatira paliponse. Amafuna maselo okhala ndi pogwirira pake, pamene asayansi amapatcha Gb3, ndipo maselo otere ndi ochuluka mkati mwa timitsempha ting'onoting'ono ta mu impso, m'matumbo ndi mu ubongo. Akalowa m'selo, amaimitsa ntchito yopanga mapuloteni, selo n'kufa. Khoma la kamtsempha, limene linali losalala, limasupuka.

Kuchokera pa bala limeneli ndi pamene zizindikiro zitatu za HUS zimatuluka, chimodzi kubala chinzake.

Choyamba kuonekera poyeza magazi ndi kuchepa kwa mapulateleti, tizidutswa ta m'magazi timene timatseka bala munthu akadzicheka. Timathamangira pamakoma osupuka aja n'kuunjikana, pamodzi ndi ulusi wowundanitsa magazi, mpaka timitsempha tina timatsekeka. Mapulateleti amathera pamenepo. Munthu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'kadontho ka mayikulolita imodzi. Mwana wa HUS amatsika pansi pa 150,000, ndipo kawirikawiri amafika cha m'ma 40,000. Chodabwitsa n'chakuti sataya magazi ochuluka ngati mmene chiwerengerochi chingaopsezere. Ena amangoonetsa timadontho tofiira pakhungu, kapena mikwingwirima pamene sanamenyedwe.

Chachiwiri ndi kusweka kwa maselo ofiira a magazi. Maselowa amakankhidwa ndi mtima kuti adutse m'timitsempha todzaza ulusi tija, ndipo amaduka ngati sopo wodulidwa ndi ulusi wa singano. Wa kulabu akapaka dontho la magazi pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu, saona maselo ozungulira okhaokha. Amaona zibenthu: ena osongoka mbali zitatu, ena ooneka ngati anyemedwa theka. Zibenthu zimenezi ndi umboni wakuti magazi sakuchepa chifukwa cha zakudya zosakwanira kapena chifukwa chotuluka ndi chimbudzi, koma akuswekera mkati mwa mitsempha momwemo. Himogulobini, amene mwa mwana wathanzi amakhala 11 kapena kupitirira, amatha kugwa kufika 6 m'masiku awiri okha. Kunja, mayi amaona zikhatho zayera, mkati mwa zikope mwayera, mwana watopa, ndipo mwina maso achita chikasu pang'ono.

Chachitatu ndi kuima kwa impso. Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo kasefa kalikonse ndi kamfundo ka timitsempha. Timitsemphato tikatsekeka, magazi sasefedwa. Mkodzo umachepa, umatha kuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mwa ana ena umasiyiratu. Madzi amatsalira m'thupi, nkhope ndi mapazi n'kutupa, kuthamanga kwa magazi n'kukwera. Zoipa zimene zinayenera kutuluka ndi mkodzo zimaunjikana. Poyeza, madokotala amayang'ana kiriyatinini ndi yureya. Choopsa kwambiri pa zonsezo ndi mchere wa potaziyamu, chifukwa ukakwera umasokoneza kugunda kwa mtima mpaka kuuimitsa, mwana akuoneka ngati wangofooka.

Chizindikiro chilichonse mwa zitatuzi, pachokha, chili ndi zifukwa zina zambiri. Mwana wotsegula m'mimba amakodza pang'ono chifukwa chotha madzi m'thupi. Mwana wotuwa akhoza kukhala ndi njoka za m'mimba. N'chifukwa chake zitatuzi zimawerengedwa pamodzi, ndiponso pamodzi ndi mbiri ya chimbudzi cha magazi sabata yapitayo. Mbiriyi imasowa mosavuta. Dokotala akafunsa kuti, "Kodi akutsegula m'mimba?" mayi amayankha zoona kuti ayi, chifukwa kunasiya dzana. Funso loyenera ndi lakuti, "Kodi masabata awiri apitawa anachitako chimbudzi cha magazi?"

Tiyerekeze mtsikana wa zaka zinayi, wolemera makilogalamu 15. Lolemba wayamba kutsegula m'mimba. Lachitatu mwaoneka magazi, ndipo amayi apita naye kuchipatala. Tsikulo himogulobini ali 12, mapulateleti 280,000, impso zili bwino. Palibe chilichonse chosonyeza HUS, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika, poganiza kuti kuyeza kumodzi kwatsimikiza zonse. Loweruka kutsegula kwachepa, koma akanayezedwa tsikulo mapulateleti akanapezeka atatsika kufika 120,000, mwana akusewera ndithu. Lolemba lotsatira wadzuka maso atatupa, wakana phala, wasanza kawiri, ndipo chikodzereni dzulo madzulo. Kuchipatala apeza himogulobini 6.5, mapulateleti 45,000, kiriyatinini wakwera kasanu kuposa wa Lachitatu, ndipo pagalasi pali zibenthu za maselo.

Mkodzo wake ukanatha kuchenjeza msanga. Mwana wa msinkhu uwu amayenera kutulutsa mililita imodzi kapena kuposerapo pa kilogalamu iliyonse pa ola, ndiye kuti kwa iyeyu mamililita 15 pa ola, 360 pa tsiku. Akatsika pansi pa theka la zimenezo, mamililita 180 tsiku lonse, madokotala amati impso zili pamavuto. Kunyumba palibe amene amayeza mkodzo ndi chikho, koma mayi amadziwa kuti mwana wake amakodza kangati, ndipo wa khanda amadziwa matewera amene amachapa. Kusiyana kwake ndi kutha madzi m'thupi n'koonekeratu munthu akakudziwa. Mwana wotha madzi maso amalowa mkati, pakamwa pamauma, ndipo akamwa thanzi mkodzo umabwerera. Mwana wa HUS amamwa koma sakodza, ndipo maso m'malo molowa amatupa. Mwana wotereyu si woyembekeza naye kuti kuche.

Si mwana aliyense wogwidwa ndi bakiteriyayu amene amafika pamenepa. Mwa ana osakwana zaka 10 odwala E. coli O157:H7, pafupifupi 15 pa 100 alionse ndi amene amadwala HUS, ndipo osakwana zaka zisanu ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Vuto n'lakuti pa Lachitatu lija palibe amene anganene motsimikiza kuti uyu apulumuka, uyu ayi. N'chifukwa chake kumene zipangizo zilipo, mwana wopezeka ndi bakiteriyayu amayezedwa magazi tsiku ndi tsiku mpaka mapulateleti ataoneka kuti akhazikika kapena ayamba kukwera.

Mankhwala ochotsa poizoni wa Shiga akalowa m'thupi kulibe. Chimene achipatala amachita ndi kusunga moyo wa mwana mpaka timitsempha titadzikonza tokha, ndipo ntchito imeneyi ndi yosamalitsa kwambiri. Nkhani ya madzi ili ndi mbali ziwiri zotsutsana. M'masiku oyamba a kutsegula m'mimba, impso zisanaime, diripi ya madzi amchere imathandiza. Kafukufuku wasonyeza kuti ana opatsidwa madzi okwanira msanga sasiya kukodza kawirikawiri ngati anzawo ofika atauma. Koma impso zikaima, diripi yomweyo imasanduka mdani, chifukwa madzi alibe potulukira ndipo amadzaza m'mapapo. Zikatero anamwino amayeza chilichonse cholowa ndi chotuluka, kumukweza mwana pasikelo tsiku lililonse, ndi kumupatsa madzi ongobwezera amene wataya. Nthochi, madzi a malalanje ndi zina za potaziyamu wambiri amayamba aziletsa.

Ana ambiri a HUS amafunika kuthiridwa magazi, kawirikawiri himogulobini akatsika pansi pa 7, ndipo amathiridwa pang'onopang'ono kuopa kulemetsa mtima. Mapulateleti, ngakhale atsike chotani, sathiridwa pokhapokha mwana akutaya magazi kwambiri kapena akupita ku opaleshoni, chifukwa atsopanowo amangokathera pamakoma osupuka omwe aja.

Pafupifupi theka la anawa amafunika dayalisisi, kutanthauza kusefa magazi m'malo mwa impso. Kwa mwana wamng'ono njira yofala ndi ya pamimba: dokotala amalowetsa kapaipi kofewa pansi pa mchombo, madzi apadera amathiridwa m'mimba, amakhalamo kwa kanthawi akukoka zoipa za m'magazi kudzera m'kachikopa kokuta matumbo, kenaka amatulutsidwa, n'kuthira ena. Njirayi imatheka ngakhale popanda makina, bola pakhale ukhondo ndi anthu odziwa. Ana ambiri amaifuna kwa sabata imodzi kapena iwiri. Chizindikiro choyamba cha kuchira sichikhala mkodzo, koma kukwera kwa mapulateleti; mkodzo umatsatira pambuyo.

Pali mankhwala amene amaonjezera moto. Mapiritsi oimitsa kutsegula m'mimba, monga loperamaidi, amachedwetsa matumbo, poizoni n'kukhalitsa mkati. Sayenera kupatsidwa kwa mwana wa chimbudzi cha magazi ngakhale pang'ono. Bulufeni ndi mankhwala ena a m'gulu lake amachepetsa magazi opita ku impso zimene zili kale pamavuto. Amenewa amagulitsidwa m'magolosale popanda wofunsa, ndipo kholo lomva chisoni ndi mwana wopotedwa m'mimba limawagula ndi mtima wabwino.

Nkhani ya maantibayotiki ndiyo yovuta, ndipo ndi pamene Seattle amasiyana ndi kuno. Mu 2000, ofufuza a ku Seattle komweko anafalitsa zimene anapeza mwa ana 71 odwala E. coli O157:H7. Mwa ana 9 amene anapatsidwa maantibayotiki, asanu anadwala HUS. Mwa 62 amene sanapatsidwe, asanu okha ndiwo anadwala. Chifukwa chake chimamveka: mankhwala ena akavulaza bakiteriyayu, iye amapanga ndi kutulutsa poizoni wochuluka. Kotero ku America ndi ku Ulaya, kumene labu imatha kupeza poizoni wa Shiga m'chimbudzi tsiku limodzi kapena awiri, madokotala sapereka maantibayotiki kwa mwana amene akumukayikira kuti ali ndi bakiteriyayu.

M'maiko a kumwera kwa Africa, chimbudzi cha magazi mwa mwana nthawi zambiri chimakhala kamwazi wa bakiteriya wa Shigela, amene amapha ngati sanachizidwe. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse amati mwana wotere apatsidwe sipulofulokisasini, ndipo kutero n'koyenera. Kholo lisakane mankhwala amene achipatala alemba poopa zimene zinapezeka ku Seattle. Choyenera kupewa ndi kugula makapusozi pamsika n'kumwetsa mwana mongoganizira, chifukwa mankhwala amene Shigela anawazolowera sachiza, amangotayitsa masiku.

Komanso HUS si matenda a kwa azungu okha. Mtundu umodzi wa Shigela, woyambitsa miliri ikuluikulu ya kamwazi, umatulutsa poizoni wa Shiga weniweni. Mliri wake unadutsa m'chigawo chino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo utafika ku KwaZulu-Natal, madokotala a ku Durban analemba za ana 81 amene anadwala HUS pakati pa 1994 ndi 1996. Mwa iwo 14 anamwalira. Chiwerengerochi n'chachikulu poyerekeza ndi ana atatu mpaka asanu pa 100 alionse amene amamwalira ndi HUS ya E. coli m'maiko olemera, ndipo mwa zifukwa zake ndi zakuti HUS ya Shigela imakhala yaukali, ndipo imagwira ana aang'ono, ambiri mwa iwo onyentchera kale. E. coli O157 nayenso anaonekera kuno. Mu 1992, chaka cha chilala chachikulu, ku Swaziland ng'ombe zinkafera m'madambo, ndipo mvula yamphamvu itagwa inakokolera ndowe ndi zoola m'mitsinje. Anthu masauzande ambiri anatsegula m'mimba, ochuluka mwa iwo ndi magazi omwe.

Kuno kulinso msampha wina, malungo. Malungo aakulu amathetsa magazi, amatsitsa mapulateleti, amaimitsa impso, ndipo amatha kudetsa mkodzo. Zizindikiro zonse zitatu zilipo. Kuonjezera apo, m'madera a udzudzu ana ambiri amapezeka ndi tizilombo ta malungo poyeza ngakhale chimene chawagoneka ndi china. Mwana wotuwa, wokomokakomoka, akapezeka ndi malungo pakachipangizo koyezera, n'zosavuta kuti kufufuza kuthere pomwepo. Malungowo achizidwe ndithu. Koma ngati panali kamwazi sabata yathayo, thupi silikutentha kwenikweni, mkodzo sukubwera, ndipo pagalasi pali zibenthu zambiri za maselo, mwanayo afunika kuyezedwa impso ndi kutumizidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, osati kudikira kuti mankhwala a malungo amalize. Kukomokako nakonso kukhoza kukhala kwa HUS, pakuti mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu ubongo umakhudzidwa, kaya ndi poizoni mwachindunji, kaya ndi kukwera kwa magazi, kaya ndi kusokonekera kwa mchere m'thupi.

Ku America, mliri wa 1993 unasintha malamulo. Mu 1994 boma linalengeza kuti nyama yogaya yopezeka ndi E. coli O157:H7 ndi yoipitsidwa ndipo siyenera kugulitsidwa, ndipo lero ophika kunyumba amalangizidwa kuti mkati mwa nyama yotere mufike madigiri 71. Kumene kulibe choyezera kutentha, nyama yogaya ndi masoseji zipse mpaka mkati musakhale kufiira kulikonse, mkaka uwire, ndi madzi akumwa athiridwe kolorini kapena awiritsidwe. Mpeni ndi thabwa zodulira nyama yaiwisi zisakhudze tomato wodya wosaphika. M'nyumba mukakhala mwana wa kamwazi, asasambire m'beseni limodzi ndi anzake, ndipo wochotsa thewera asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbale, chifukwa mwana wamng'ono amatha kutulutsabe bakiteriya kwa masabata angapo atachira.

Ana ambiri amene apulumuka HUS amatuluka m'chipatala impso zikugwira ntchito, magazi n'kubwerera m'malo mwake m'masabata ochepa. Koma timasefa timene tinafa sitimeranso, ndipo totsalato timagwira ntchito ya tinzake. Pafupifupi mmodzi mwa anayi amatsala ndi chipsera: mapuloteni otuluka mumkodzo, kuthamanga kwa magazi, kapena impso zofooka, ndipo izi zimatha kuonekera patapita zaka, mwana atakula n'kuiwala kuti anagonapo m'chipatala. Amene anakhala masiku opitirira 10 osakodza ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Choncho mwana aliyense wodwalapo HUS amayenera kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, mkodzo ndi kiriyatinini pakatha miyezi ingapo, kenaka chaka ndi chaka kwa zaka zosachepera zisanu, ndipo matendawa alembedwe momveka m'buku lake la kuchipatala. Mtsikana akadzakula n'kukhala woyembekezera, a kusikelo ayenera kuuzidwa mbiriyi, chifukwa mimba imalemetsa impso ndi kukweza magazi.